Mtanda umodzi, masamba theka la mbale: nkhomaliro ya wodwala shuga

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, malangizo amayamba kugwa ngati mvula. Wina amati asiye nsima, wina amati azingodya ya mgaiwa mmene angafunire. Onsewa amaphonya. Nsima siyoletsedwa, koma ngakhale ya mgaiwa imakweza shuga m'magazi. Nkhani yagona pa kukula kwa mtanda ndi zimene zautsagana m'mbale.

Pa matenda a mtundu umenewu thupi limapangabe insulini, koma siligwira nayo ntchito bwino, ndiye shuga wochokera m'zakudya amachedwa kuchoka m'magazi. Zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi zimasanduka shuga zikagayika m'mimba. Ufa woyera umachokera ku chimanga chokonola ndi kuviika, ndipo gaga amakhala atachoka. Mgaiwa uli ndi gaga wake. Komabe mitanda itatu ya mgaiwa imaposa kutali mtanda umodzi wa ufa woyera pokweza shuga.

Njira yosavuta ndi kugawa mbale. Tengani mbale yafulati ya masentimita pafupifupi 23 kukamwa kwake, muigawe pakati m'maganizo. Theka lonse likhale la ndiwo zamasamba: bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, kholowa, therere kapena kabichi. Theka lotsalalo ligawidwenso pawiri. Mbali imodzi ndi ya ndiwo zomanga thupi monga usipa, matemba, mazira, nkhuku yochotsa khungu kapena nyemba. Mbali yomaliza ndiyo ya nsima, mtanda umodzi waukulu ngati chibakera cha wodyayo. Kwathu tinazolowera kuti ndiwo ndi zongotsitsira nsima, koma apa zinthu zimatembenuka: nsima ndiyo imaperekeza ndiwo.

Tiyerekeze bambo amene masana amadya mitanda itatu ya ufa woyera ndi tiusipa tokazinga, n'kutsitsira thobwa. Mbale yake yatsopano ikhala ndi zipande ziwiri zodzaza za nkhwani wotendera nsinjiro pang'ono, usipa wodzaza chikhatho wophika ndi tomato ndi anyezi, ndi mtanda umodzi wa mgaiwa. Ayambe kudya masambawo asanateme mbamu yoyamba, chifukwa amadzaza m'mimba ndiponso amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Chakumwa chikhale madzi. Thobwa ndi phala la chimanga lothira chimera, nthawi zambiri ndi shuga pamwamba, ndiye kwa bamboyu n'chimodzimodzi kuwonjezera nsima ina. Ngati pakhomo amadyera m'mbale imodzi, iye apatulidwe yake, poti m'mbale ya gulu palibe amene amawerenga mbamu.

Ambiri amapunthwa pa zakudya zimene timazitcha ndiwo kapena zotolatola pamene zili m'gulu la nsima. Mbatata yakachewere yothira mu nyama, maungu, nthochi zophika ndi chimanga chootcha zonse ndi zokhutitsa. Lamulo n'lakuti chokhutitsa chikhale chimodzi pa chakudya chilichonse. Ngati mwasankha futali wa mbatata, nsima idikire madzulo. Nyemba, nandolo ndi khobwe zimamanga thupi koma zilinso ndi mbali yokhutitsa, choncho tsiku la nyemba mtanda uchepeko. Chipatso chidyedwe chathunthu, chimodzi chaching'ono monga gwafa kapena lalanje, osati beseni la mango.

Kaphikidwe nakonso kali ndi mbali yake. Soda wophikira therere ndi nkhwani amawononga mavitamini ena. Mafuta athiridwe ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Mchere wa tsiku lonse usapitirire supuni yaing'ono imodzi, magalamu 5, poti shuga amakonda kuyenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi.

Mungadziwe bwanji kuti mbaleyo yakwana? Amene ali ndi kamakina koyezera ayeze patapita maola awiri chiyambireni kudya. Kwa akuluakulu ambiri nambala imafunika kukhala pansi pa 10 mmol/L, ndipo ikamapitirira kawirikawiri, mtanda ndi waukulu kapena pali chokhutitsa china chobisala. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi ndi zizindikiro zoti shuga wakwera.

Kuchepetsa kulinso ndi malire. Wobaya insulini kapena womwa glibenclamide akadumpha chakudya kapena kudula nsima mwadzidzidzi, shuga akhoza kutsika kufika pansi pa 4. Munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire. Zikatero amwe msanga madzi osungunulamo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenako adye chakudya. N'chifukwa chake bambo uja, asanachoke pa mitanda itatu kufika pa umodzi, ayenera kukauza a ku kiliniki ya shuga kuti aunikenso mlingo wa mankhwala ake.