Chiganizo choyamba cha kalata yofunsira ntchito: musagwade, musadzitame

Nyuzipepala ikangolengeza kuti kampani ina ikufuna kalaliki woyang'anira katundu, makalata amaunjikana pa desiki ya wolemba anthu ntchito. Munthuyo alibe nthawi yowerenga kalata iliyonse mpaka pansi. Amaponya maso pa mutu, n'kutsikira pa chiganizo choyamba, ndipo pomwepo amadziwa ngati apitirize kapena aike pambali. Chiganizo chimenechi ndi chomwe ambiri timachilemba mosaganizira, chifukwa tinangochiloweza kwa achimwene kapena kwa amalume amene ankagwira ntchito m'boma kale.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Ndirande amene wagwira zaka ziwiri m'holoselo ku Limbe. Amalandira katundu, amawerenga makatoni a sopo ndi mabelo a shuga akamatsika m'lole, amalemba zolowa ndi zotuluka, ndipo pakutha pa mwezi amayerekeza zomwe zili m'buku ndi zomwe zili pa shelefu. Waona ntchito yomuyenera ndithu. Kalata yake yachingerezi waiyamba motere:

"I humbly beg to apply a job of stores clerk in your highly esteemed company as I am a young lady aged 24 who is in need of any job."

M'mawu 30 amenewa mulibe ngakhale amodzi otchula makatoni aja kapena buku lija. Chinthu chokhacho chimene bwana akufuna kumva sichinalembedwe. Zolakwika za galamala zilipo, tifikako, koma vuto lalikulu ndi kaimidwe ka wolembayo.

Mtsikanayu sanachite mwano. Wachita zomwe anaphunzitsidwa kwawo, kuti kwa wamkulu sumafika ndi nkhani pakamwa. Umayamba wanjuta, kupepesa, kupota naye, kenako n'kutula nkhawa yako. Pa Chichewa umenewo ndi ulemu, ndipo wopanda zimenezi timati sanaleredwe. Koma kalata yofunsira ntchito si madandaulo opita kwa mfumu. Kampaniyo ndi imene yanena kuti ikusowa munthu, yalipira ndalama kuti chilengezo chituluke, ndipo wolemba kalata akubwera ndi chimene akuchisowacho. Mawu oti "humbly beg" amatembenuza nkhaniyo: wobweretsa luso amasanduka wopempha chifundo. Bwana wowerenga amamva chisoni mwina, koma makiyi a nyumba yosungira katundu wa mamiliyoni sapatsa munthu chifukwa chomumvera chisoni.

Kalembedwe kogwada kameneka n'kotsalira kuchokera m'maofesi a atsamunda, pamene kalata yopita kwa bwana wa boma inkatha ndi kudzitcha wantchito wake womvera. Eni chilankhulo anayamba kale kukasiya. M'chaka cha 1948 Ernest Gowers, amene anali mkulu m'boma la Britain, anatulutsa kabuku kotchedwa Plain Words, kolimbikitsa ogwira ntchito m'boma kulemba mawu achidule ndi omveka. Ife tinalandira ufulu mu 1964, koma mawu ena ogwada aja anatsala m'makope mwathu, ndipo mpaka lero amakoperedwa kuchoka pa kalata ina kupita pa ina.

Choncho tichotse "humbly beg". Tichotsenso "highly esteemed company", chifukwa n'kunyengerera komwe kungalembedwe kwa kampani iliyonse, ngakhale imene wolembayo sanaimvepo dzulo. Zaka 24 zija ndi kunena kuti ndi mtsikana zili kale pa sivii, ndipo ngati chilengezo sichinafunse za msinkhu, malo oyamba a kalata si oyenera kuonongera pamenepo. Choopsa kwambiri chili kumapeto, pa "any job". Wolemba amaganiza kuti akuonetsa kusasankha ntchito. Wowerenga amamva zina: munthu ameneyu sakudziwa chimene akufuna, ndipo akadzaona ntchito ina mwezi wamawa adzathawa. Poyamba anatchula ukalaliki, pomaliza wati ntchito iliyonse. Wadzitsutsa yekha chiganizo chisanathe.

Tsopano galamala. Pa Chichewa timangoti "kufunsira ntchito", popanda kanthu pakati, ndipo n'chifukwa chake dzanja limathamangira kulemba "apply a job". Mneni wachingereziyu akamanena za kufunsira amafuna mperekezi: "apply for" pa ntchito imene ukufuna, "apply to" pa kampani imene ukulembera. Ukachotsa mperekeziyo tanthauzo limasintha, limakhala lopaka kapena kugwiritsa ntchito chinthu, monga penti pakhoma. Kachiwiri, chilengezo chatchula udindo umodzi wodziwika, ndiye tinene "the position of" kapena "the post of", osati "a job of". Dzina la udindo likopedwe ndendende mmene lalembedwera m'nyuzipepala, zilembo zazikulu ndi zonse. Kampani ikalengeza maudindo anayi tsiku limodzi, wosankhula makalata amawaika m'milu potengera dzina limenelo, ndipo kalata yotchula udindo umene kulibe imasowa mulu wake.

Zonsezi zikachoka, patsala malo oikapo zenizeni. Tinene kuti chilengezo chinatuluka m'nyuzipepala ya The Nation pa 3 Malichi:

"I am applying for the position of Stores Clerk advertised in The Nation on 3 March, and I bring two years' experience in stock control at a wholesale shop in Limbe."

Mawu ake ndi 31, pafupifupi chimodzimodzi ndi chiganizo choyamba chija. Koma bwana akafika pa mpumiro wadziwa udindo umene mtsikanayu akufuna, kumene anaona chilengezo, ndi chifukwa chimodzi choti apitirize kuwerenga. Taonani kuti mulibe mawu aliwonse odzitamandira. Sananene kuti ndi wakhama, wokhulupirika kapena woopa Mulungu, zimene aliyense amalemba ndipo palibe angazitsimikize pa pepala. Wanena zaka ziwiri, wanena mtundu wa ntchito, wanena Limbe. Izi ndi zinthu zoti bwana atha kuimba foni n'kufunsa. Kudzidalira kumene anthu amafuna kuti kumveke m'kalata kumachokera pamenepa, pa kutchula chinthu chotsimikizika ndi mawu odekha, osapepesa.

Pali kanthu kakang'ono koyenera kukayang'anitsitsa, nkhodolero ya pa "years'". Zaka zikakhala ziwiri kapena kuposa, nkhodolero imabwera pambuyo pa chilembo chomaliza. Chikakhala chaka chimodzi timalemba "one year's experience". Amene akukayika angoizemba polemba "two years of experience", zomwe ndi zolondola chimodzimodzi. Ena aseka kuti kachizindikiro kotere sikangamane munthu ntchito. Mwina n'zoona pa ntchito ya ulonda. Koma kalaliki amalembedwa kuti aziona tinthu ting'onoting'ono timene ena saona, ndipo kalata yake ndi chitsanzo choyamba cha ntchito yake.

Anthu amafunsanso za mneni woyambira. "I am writing to apply for" ndi wabwino ndipo ndi wofala kwambiri. "I wish to apply for" ndi wolemerera pang'ono, woyenera makalata opita ku boma. "I would like to apply for" si wolakwika, koma kwa ine amamveka ngati munthu akadali pakhomo kupempha chilolezo cholowa, pamene kalatayo payokha yalowa kale. Pa kalata yaifupi ndimakonda "I am applying for" chifukwa amafika pa nkhani msanga.

Akauzidwa kuti asiye kugwada, ena amalumphira mbali inayo. Amayamba ndi kunena kuti ndiwo oposa onse amene afunsira ntchitoyo ndipo kampani idzanong'oneza bondo ikawasiya. Uku n'kudziguguda pachifuwa chabe. Sunaone makalata a anzako, ndiye wadziwa bwanji kuti wawaposa? Njira yophweka yoyesera chiganizo chako ndi iyi: chotsa dzina lako pansi pa kalata, uikepo la mnzako amene munamaliza naye sukulu. Ngati chiganizocho chikumukwananso iyeyo popanda kusintha kalikonse, ndiye kuti sichikunena za iwe. Chiganizo cha mtsikana wathu sichingakwane munthu amene sanagwirepo m'holoselo ku Limbe.

Nanga amene sanagwirepo ntchito kulikonse? Apa m'pamene ambiri amalakwitsa moyamba ndi kuulula kuti alibe luso koma akulonjeza kuphunzira msanga. Kunama n'koletsedwa, inde, koma palibe lamulo loti uyambe ndi chimene ulibe. Uyang'ane zomwe chilengezo chafunsa, usankhe chimodzi chimene uli nacho. Ngati afuna satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti pa masamu ndi Chingerezi, zomwe ndi mapointi 3 mpaka 6, ndipo iwe unawapeza, theka lachiwiri la chiganizo lisinthe motere:

"and I hold an MSCE with credits in Mathematics and English."

Usaunjike zonse pamenepa. Dipuloma, layisensi, kosi ya kompyuta ndi utsogoleri wa achinyamata ku tchalitchi zidikire ndime yachiwiri. Chiganizo choyamba chikapitirira mizere itatu, chiduleni pawiri pa "and" paja, chachiwiri chiyambe ndi "I". Palibe chimene chitayike.

Kalata yotumiza pa imelo imatsata zomwezi, kungoti dzina la udindo lilembedwenso pa malo a mutu, pamodzi ndi nambala ya chilengezo ngati anaipereka. Ngati ntchitoyo sinalengezedwe ndipo wangomva kwa munthu, usapeke nyuzipepala. Lemba kuti ukufunsa ngati pali malo a udindo wakutiwakuti, uutchule dzina, n'kuikapo umboni wako umodzi uja. Dzina la amene anakutsina khutu ulitchule pokhapokha iye atavomera.

Pamwamba pa chiganizo pali moni, ndipo moniwo umagwirizana ndi kutsanzika kwa pansi. Ukayamba ndi "Dear Sir or Madam" chifukwa sukudziwa dzina la wowerenga, umatseka ndi "Yours faithfully". Ukamutchula dzina, umatseka ndi "Yours sincerely". Ulemu umene mtsikana uja ankafuna kuonetsa ndi kugwada, pa Chingerezi cha ku ofesi umaonekera m'malo ngati amenewa: moni wolondola, dzina la bwana lolembedwa mosaphonya chilembo, tsiku la chilengezo lenileni, ndi kalata yosapitirira tsamba limodzi. Asanamate envulopu, atenge nyuzipepala ija aike pambali pa kalata, ayerekeze dzina la udindo ndi tsiku chilembo ndi chilembo, monga amachitira ndi buku la katundu pakutha pa mwezi.