Ngongole yatha, koma malo akadali chikole: momwe chikalata cha umwini chimatulukira kubanki

Munthu akatenga ngongole kubanki n'kupereka nyumba kapena puloti ngati chikole, pamachitika zinthu ziwiri. Banki imatenga chikalata cha umwini wa malowo, chimene ambiri amachitcha tayitolo didi, n'kuchisunga. Kenaka maloya a banki amakalembetsa ngongoleyo ku ofesi ya kaundula wa malo, ya Unduna wa za Malo, kuti aliyense wofufuza adziwe kuti malowo ali ndi ngongole. Kulipira ndalama yomaliza sikusintha chilichonse mwa ziwirizi. Chikalata chimakhalabe mu sefa ya banki, ndipo dzina la banki limakhalabe m'kaundula mpaka mwini malo atapempha kuti lichotsedwe. Pali anthu amene amazindikira izi patapita zaka, tsiku limene akufuna kugulitsa nyumbayo kapena kutengera ngongole kubanki ina.

Ntchitoyi imayamba ndi kutsimikiza kuti ngongole yathadi. Chiwongoladzanja cha ngongole za kubanki chimawerengedwa tsiku ndi tsiku pa ndalama yotsala, choncho ndalama imene wogwira ntchito pakauntala wanena Lolemba si yomwe ikhale ikufunika Lachisanu. Mwachitsanzo, mayi wina wabizinesi ku Lilongwe akufuna kutseka ngongole nthawi yake isanakwane, ndipo yotsala ndi K3,650,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka. Pachaka chiwongoladzanjacho ndi K1,095,000, ndiye kuti K3,000 patsiku. Akauzidwa ndalama yotsekera Lolemba n'kukalipira Lachisanu, masiku anayiwo aonjezera K12,000. Iyeyo apita kwawo akuganiza kuti wamaliza, pamene m'makompyuta a banki akaunti ikadali yotsegula, ndipo K12,000 ija ikubereka chiwongoladzanja chake, mwinanso chindapusa cha kuchedwa. Ndalama yochepa chonchi ndi yokwanira kuti banki ikane kutulutsa chikalata.

N'chifukwa chake wofuna kutseka ngongole amapempha kuti banki imulembere ndalama yotsekera, pamodzi ndi tsiku limene ndalamayo ikugwirira ntchito, ndipo amalipira tsiku lomwelo. Ngati walipira ndi cheke kapena kudzera kubanki ina, tsiku lowerengedwa ndi limene ndalama yalowa mu akaunti ya ngongole, osati limene yatumizidwa. M'pangano la ngongole mumathanso kukhala ndime yonena za ndalama yolipira munthu akatseka msanga, ndipo ndimeyo ndi yofunika kuiwerenga asanapite kunthambi. Pambuyo pake apemphe sitetimenti ya akaunti ya ngongoleyo yosonyeza ziro pamzere womaliza. Amene ngongole yake inkadulidwa kumalipiro kapena mu akaunti mwezi ndi mwezi aonetsetse kuti kudulako kwaimitsidwa, chifukwa sikuti nthawi zonse kumaima kokha, ndipo kubwezetsa ndalama yodulidwa mopitirira kumatenga nthawi.

Sitetimenti ya ziro ikapezeka, pamalembedwa kalata yopita kwa manejala wa nthambi imene inapereka ngongole. Kalatayi siyenera kutalika. Imatchula dzina la wobwereka monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti ya ngongole, tsiku limene ndalama yomaliza inalowa, ndi nambala ya malo monga yalembedwera pa chikalata, yomwe m'mizinda imakhala dzina la dera ndi manambala. Kenaka imapempha zinthu zitatu, chilichonse pachokha: kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, chikalata chenicheni cha umwini pamodzi ndi mapepala ena onse amene anaperekedwa, ndi chikalata chomasula malo chosainidwa ndi banki, chimene maloya amachitcha disitchaji. Kupempha tayitolo didi yokha, monga ambiri amachitira, ndiko kumabweretsa mavuto mtsogolo, pakuti banki ikhoza kupereka chimene yapemphedwa basi. Kalatayo imapita ndi kope la chiphaso ndi kope la sitetimenti, ndipo wopereka amatenga makope awiri a kalatayo kuti limodzi lidindidwe chidindo cha banki chokhala ndi deti, n'kubwerera nalo. Kope lodindidwali ndilo umboni wokha wa tsiku limene pempho linafika.

Kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha iyenera kuwerengedwa bwino isanalandiridwe. Ikhale pa pepala la banki, yosainidwa, yotchula nambala ya akaunti ndi ya malo, ndiponso yonena poyera kuti banki ilibenso chilichonse chimene ikufuna pa malowo. Kalata yongonena kuti akaunti yakutiyakuti yatsekedwa ndi yoperewera. Chifukwa chake n'chakuti mapangano ambiri a chikole amalembedwa mwakuti malowo amangirira ngongole zonse zimene munthu ali nazo kubankiyo, osati imodzi yokha. Ngati mayi uja ali ndi ovadilafuti pa akaunti ya bizinesi, kapena anasainira m'bale wake ngati womuimira pa ngongole ina kubanki yomweyo, banki ikhoza kugwirabe chikalata ngakhale ngongole ya nyumba ili pa ziro. Zikatero yankho lili m'pangano limene anasaina, ndipo munthuyo ali ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti banki imulembere ndime imene ikugwiritsa ntchito pokana.

Zikalata za malo kawirikawiri sizisungidwa kunthambi. Zimakhala kulikulu la banki, ku ofesi yoona za zikole kapena ya zamalamulo, kotero nthambi imangotumiza pempho n'kudikira. Ndi bwino kufunsa tsiku lopereka kalata kuti ntchitoyo itenga masiku angati ndiponso ndani akuiyendetsa. Chikalata chikafika, chimaperekedwa kwa mwini malo amene dzina lake lili pamenepo. Ngati malowo ndi a bambo amene anapereka chikole m'malo mwa mwana wawo, otenga ndi bambowo, kapena munthu amene amupatsa mphamvu m'kalata yovomerezeka. Ngati mwini malo anamwalira, banki imafuna makalata a khoti osonyeza woyendetsa chuma cha masiye, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo kalata ya amfumu kapena ya akubanja payokha sikwanira. Wolandira asanasaine m'buku la banki, aone kuti chikalatacho ndi chenicheni osati kope, masamba ake ndi okwanira, ndipo mapu a malo ngati analipo abwera nawo.

Gawo limene limaiwalika kwambiri ndi la ku kaundula. Malo ambiri a m'mizinda monga Lilongwe ndi Blantyre ali pansi pa lamulo la kalembera wa malo la 1967, limene limati umwini ndi ngongole za pamalo zimadziwika ndi zimene zalembedwa m'kaundula. Tsamba la malo aliwonse m'kaundulamo lili ndi zigawo zitatu: chofotokoza malowo, chotchula mwini wake, ndi cholembamo zonse zomangirira malowo, monga chikole cha banki. Dzina la banki lili m'chigawo chachitatuchi, ndipo limafufutidwa pokhapokha disitchaji yosainidwa ndi banki itaperekedwa kwa mlembi wa kaundula n'kulembetsedwa. Munthu akhoza kukhala ndi chikalata chake m'sutikesi kunyumba, kalata ya banki ili pambali pake, koma pamaso pa lamulo malowo akadali chikole. Malo amene sali pansi pa lamuloli amalembetsedwa m'kaundula wina wa zikalata, ndipo kumeneko nako chikalata chomasula malo chiyenera kukalembetsedwa.

Ntchito yolemba ndi kukalembetsa disitchaji imachitika ndi maloya, nthawi zambiri a banki, ndipo mapangano ambiri amati wolipira ndi wobwereka. Apa m'pofunika kufunsa funso limodzi momveka: kodi banki ikalembetsa yokha, kapena ingopereka pepalalo kuti mwini malo akalembetse? Ntchito zambiri zimaima chifukwa mbali iliyonse ikuganiza kuti inzake ikuchita. Ngati malowo ndi a lizi, ndi nzeru kupitiratu ndi malisiti a lendi ya nthaka, popeza ngongole ya lendi ikhoza kuchedwetsa zinthu ku maofesi a za malo. Maofesi a kaundula ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo pepalalo limapita ku ofesi imene malowo analembetsedwa.

Umboni woti zonse zatheka ndi chikalata cha kafukufuku wa m'kaundula, chimene chimatchedwa setchi. Aliyense akhoza kuchipempha polipira ndalama yoikika ndi kutchula nambala ya malo. Ngati setchi yochitika disitchaji italembetsedwa ikusonyeza kuti chikole cha banki chafufutidwa, malowo amasuka. Ngati dzina la banki likuonekabe, ndiye kuti pepalalo silinafike, kapena linabwezedwa chifukwa cha cholakwika monga nambala ya malo yosiyana ndi ya m'kaundula, dzina lolembedwa mosiyana, kapena siginecha yopanda mboni yoyenera. Wogula nyumba wanzeru ndiponso banki ina iliyonse amayang'ana setchi, osati kalata ya manejala.

Kuchedwa kumasokoneza zinthu m'njira imene ambiri saiganizira, chifukwa mabanki amasintha maina ndi eni. New Building Society inasanduka NBS Bank, ndipo m'chaka cha 2015 Malawi Savings Bank inagulidwa ndi FDH pamene Indebank inagulidwa ndi National Bank of Malawi. Amene anamaliza ngongole ku banki yakale osachotsa chikole ayenera kupita ku banki imene inalowa m'malo mwake, ndipo kumeneko fayilo yakale iyenera kufunidwa kaye disitchaji isanasainidwe. Apa m'pamene sitetimenti ya ziro ndi malisiti osungidwa bwino amapulumutsa munthu. Chikalata chikapezeka kuti chinasowa m'manja mwa banki, mlembi wa kaundula ali ndi mphamvu zotulutsa china pambuyo pa lumbiro lofotokoza kusowako ndi chidziwitso kwa anthu. Mwini malo apemphe kuti banki ivomere kusowako m'kalata, ndipo chilungamo chake n'chakuti ndalama za ntchitoyo zilipiridwe ndi amene anataya.

Patsala zinthu ziwiri zing'onozing'ono. Mabanki amatumiza mbiri ya obwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, motsatira lamulo la 2010, ndipo mbiriyo ikhoza kutsalira m'mbuyo. Kalata yotsimikiza kutha kwa ngongole ndi imene munthu amaonetsa popempha kuti ikonzedwe. Inshuwalansi ya nyumba nayo imakhala italemba dzina la banki ngati woyamba kulandira chipukuta misozi nyumba ikapsa, choncho kampani ya inshuwalansi iyenera kulandira kope la kalata yomweyo kuti ichotse dzinalo.

Banki ikangokhala chete, dandaulo limayamba ndi kalata yopita ku ofesi yolandira madandaulo ya banki yomweyo, yophatikiza kope lodindidwa la pempho loyamba. Likapanda kuyankhidwa, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, limapita kwa Mlembi wa Mabungwe a Zachuma ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama okhala ndi chiphaso. Ofesiyi imafuna kuona kuti nkhaniyo inaperekedwa kaye ku banki, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere.