Mitengo Yakale Yotsalira M'kaundula Imasokoneza Malipoti a Ndalama

Makampani amene amalipiritsa mwezi ndi mwezi, monga oonetsa mafilimu pa intaneti, a mafoni ndi ogulitsa mapulogalamu a kompyuta, akamakweza mtengo nthawi zambiri sakwezera anthu onse pamodzi. Olowa kumene amalipira mtengo watsopano, pomwe makasitomala akale amaloledwa kupitiriza ndi mtengo umene analowera, kwa nthawi yoikika kapena mpaka atadzasiya okha. Kampani imachita izi poopa kuti anthu amene akhala nayo kwa zaka angakwiye n'kuchoka. Zotsatira zake n'zakuti chinthu chimodzi chimakhala ndi mitengo iwiri kapena itatu pa nthawi imodzi, ndipo mitengo yonseyo imatsala m'kaundula wa pa kompyuta momwe malipoti a ndalama amachokera.

Chitsanzo chodziwika ndi cha kampani ya Netflix ku America. Mu Meyi 2014 inakweza mtengo wa pulani yake yapakati kuchoka pa $7.99 kufika pa $8.99 pamwezi, koma inalonjeza makasitomala akale kuti kwa zaka ziwiri azilipirabe $7.99. Mu Okutobala 2015 inakwezanso, olowa kumene n'kuyamba kulipira $9.99. Pofika kumayambiriro kwa 2016, anthu oonera mafilimu omwewo, pa pulani ya dzina lomwelo, ankalipira mitengo itatu yosiyana malinga ndi nthawi imene aliyense analowa.

Vuto limaoneka bwino ndi masamu. Tiyerekeze kampani yokhala ndi mitengo yomweyi ndi makasitomala 1,000: anthu 500 ali pa $7.99, 200 pa $8.99, ndipo 300 pa $9.99. Gulu loyamba limabweretsa $3,995 pamwezi, lachiwiri $1,798, lachitatu $2,997. Zonse pamodzi ndi $8,790. Koma wokonza lipoti akangotenga chiwerengero cha makasitomala n'kuchulukitsa ndi mtengo wolembedwa pa tsamba la kampani lero, apeza $9,990. Lipoti lawonjezera $1,200 pamwezi, kapena $14,400 pachaka, ndalama zimene palibe analipira. Mabwana akakonza bajeti ya malipiro ndi ngongole potengera nambala imeneyi, kuperewera kumadzaonekera ku banki.

Kulakwitsa kumeneku kawirikawiri sikuchokera ku ulesi, koma ku mmene kaundula anamangidwira. M'makompyuta ambiri muli tebulo la makasitomala, losonyeza pulani ya munthu aliyense, ndi tebulo lina la mapulani, lokhala ndi malo amodzi okha olembapo mtengo. Mtengo ukakwera, wina amafafaniza $7.99 n'kulemba $9.99. Dongosolo lolipiritsa limatha kupitiriza kudula ndalama zolondola chifukwa limasunga mtengo wa munthu aliyense pena, koma lipoti limawerenga tebulo la mapulani. Choipa kwambiri n'chakuti kufafanizako kumasinthanso mbiri. Lipoti la chaka chatha likatulutsidwanso lero, limatuluka ndi mtengo wa lero, ndipo kampani imaoneka ngati inkapeza zambiri kale kuposa zimene inapezadi. Potero kukula kwenikweni kwa ndalama kumabisika.

Ena amazindikira ngozi imeneyi ndipo safafaniza, amangowonjezera mzere watsopano. Tebulo limakhala ndi mizere itatu ya pulani imodzi, uliwonse ndi mtengo wake. Uku n'kuchita bwino, koma kuli ndi msampha wake. Ngati lipoti likulumikiza kasitomala ndi mtengo pongoyang'ana dzina la pulani, kompyuta imapeza mizere itatu yogwirizana ndi munthu mmodzi ndipo imamuwerenga katatu. M'chitsanzo chija makasitomala 1,000 asanduka 3,000, ndipo ndalama zifika pa $26,970. Nambala yotere imadzidziwikitsa yokha chifukwa yakula mopitirira. Yoopsa ndi ya kampani imene mapulani ake awiri okha mwa khumi ali ndi mizere yobwereza, chifukwa lipoti limangokwera pang'ono ndipo anthu amalilandira mosangalala osafunsa.

Pali zizindikiro zothandiza kugwira vutoli. Ndalama za m'lipoti zikagawidwa ndi chiwerengero cha makasitomala n'kutuluka ndendende mtengo wa lero, pomwe zikudziwika kuti ena akulipira wakale, ndiye kuti lipotilo lawerenga tebulo lolakwika. M'chitsanzo chija yankho loona ndi $8.79, osati $9.99. Lipoti la mwezi umene unatsekedwa kale likasintha nambala polituluitsanso, mbiri yakhudzidwa. Ndipo nthawi zonse ndalama za m'lipoti ziyenera kuyerekezedwa ndi mainvoisi amene anatumizidwadi komanso ndi zimene zinalowa ku banki. Kusiyana kwina n'kwachibadwa, kobwera ndi misonkho, zobweza ndi olephera kulipira, koma kusiyana kobwerera mwezi uliwonse mbali imodzimodzi kumaloza ku mitengo.

Nthawi yothetsa mtengo wakale ilinso ndi zovuta zake. Makasitomala 500 aja akasamutsidwira pa $9.99, ndipo 60 mwa iwo n'kusiya, otsala 440 abweretsa $4,395.60 m'malo mwa $3,995. Ndalama zakwera ndi $400.60 pomwe anthu achepa. Lipoti longosonyeza ndalama linena kuti malonda akuyenda, longosonyeza anthu linena kuti zinthu zaipa, ndipo onse awiri akunena zoona zapang'ono. Gululi likhoza kutaya anthu 100 ndalama zake zisanatsike kuposa kale, choncho kukwera kwa ndalama m'mwezi umenewo si umboni wakuti makasitomala akhutira. Netflix inakumana ndi zoterezi itayamba kuthetsa mitengo yakale mu 2016. M'miyezi ya Epulo mpaka Juni inawonjezera makasitomala 1.7 miliyoni pomwe inkayembekezera 2.5 miliyoni, ndipo inauza eni masheya kuti kuchuluka kwa osiya kunagwirizana ndi nkhani za kukwera kwa mtengo zimene zinafala m'manyuzipepala.

Kusamutsa anthu kumathanso kunamiza lipoti mwanjira ina. Ngati kompyuta itseka pulani yakale n'kutsegula yatsopano kwa munthu yemweyo, lipoti lingamuwerenge ngati wochoka mmodzi ndi wolowa mmodzi. Ziwerengero zonse ziwiri zimafufuma, pomwe chimene chachitika n'chakuti munthu mmodzi wayamba kulipira madola awiri oonjezera.

Njira yodalirika imayamba ndi lamulo lakuti mtengo usafafanizidwe. Mtengo uliwonse ukhale ndi nambala yakeyake, tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo kasitomala alumikizidwe ku nambala ya mtengo, osati ku dzina la pulani. Kampani ya Stripe, imene imathandiza mabizinesi kulandira malipiro pa intaneti, imachita motere: mtengo ukapangidwa, ndalama yake siisinthika, ndipo wofuna kukweza amapanga wina n'kuika wakalewo pambali, pomwe amene analowera pa wakalewo amapitiriza nawo. Chachiwiri, ndalama za miyezi yapita ziziwerengedwa kuchokera pa mainvoisi, chifukwa invoisi imasunga zimene munthu analipiritsidwa tsikulo. Tebulo la mitengo ntchito yake ndi yolosera za m'tsogolo basi.

Lipoti loyenera kupita kwa mabwana ndi limene likusonyeza gulu lililonse pa mzere wake, anthu angati ali pa mtengo uti ndipo lonjezo lawo litha liti, komanso kulekanitsa ndalama zobwera ndi makasitomala atsopano ndi zobwera chifukwa cha kukwera kwa mtengo. Lipoti lopanda mizere imeneyi siliyenera kugwiritsidwa ntchito pokonza bajeti.