Kuchokera ku mochale mpaka kumanda: kuika nthawi pa pulogalamu ya maliro

Maliro akagwa m'tauni, pulogalamu yoyamba imabwera pa foni ngati nkhani yongolakatika. Tiyerekeze kuti munthu wamwalira ku Lilongwe ndipo akaikidwa kumudzi kwawo ku Dedza. Amalume alemba kuti: "Thupi tikatenga m'mawa, kenako kunyumba anthu aone nkhope, tikatero tinyamuka. Kumudzi a mpingo alalikira, amfumu alankhula, akuntchito nawonso. Nkhata ndi mbiri ya malemu osaiwala." Zonse zilimo, koma woyendetsa galimoto sangadziwe nthawi yonyamuka, ndipo adzukulu sangadziwe nthawi yomalizira manda.

Woyendetsa mwambo waluso amayamba ndi kuphwanya uthengawo, chochitika chilichonse pamzere wakewake. Apa m'pomwe zimatulukira ntchito zimene amalume sanalembe chifukwa aliyense akuzidziwa: kusambitsa ndi kuveka thupi, kuliika m'bokosi, kukweza anthu m'lole, kulengeza chipepeso. Zosalembedwazi n'zimene zimadya nthawi mwakachetechete.

Kenako mizereyo imasanjidwa motsatira mwambo, osati momwe inabwerera m'mutu mwa wolemba. Mu uthenga uja a mpingo atchulidwa poyamba, koma m'maliro ambiri achikhristu iwo amalandira mwambo zolankhula zonse zitatha. Amayamba ndi a banja, akuntchito n'kutsatira, ndipo mafumu amalankhula kuyambira wamng'ono kukathera kwa wamkulu, nyakwawa kenako gulupu. Nkhata zimayalidwa kumanda, atakwirira.

Nthawi zimaikidwa pomaliza, ndipo zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo kuchoka ku Dedza kufika ku Lilongwe pa msewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 85. Lole yodzaza anthu imatenga maola awiri. Choncho kuti alendo abwerere kusanade, zonse ziyenera kutha 3:30.

Kutsitsa bokosi, kukwirira, kuyala nkhata ndi pemphero lotseka kupatsidwe ola lathunthu, ndiye anthu afike kumanda 2:30. Ngati manda ali pamtunda wa mphindi 20, bokosi linyamuke pasiwa 2:10. A mpingo akapempha mphindi 50, alandire mwambo 1:20.

Zolankhula n'zimene zimanamiza ambiri. Anthu 6 akapatsidwa mphindi 5 aliyense, papepala zimaoneka ngati theka la ola. Koma munthu aitanidwe, adzuke, ayende, apereke ulemu kwa mafumu ndi azibusa asanafike pa mfundo yake, mphindi ziwiri zapita kale. Zikukwana mphindi 42, ndipo mbiri ya malemu ikatenga 8, zonse pamodzi ndi 50. Wolankhula woyamba aime 12:30.

Kuona nkhope nako kumawerengeka. Anthu 200 akamadutsa pabokosi masekondi 10 aliyense, papita mphindi zoposa 33, ndipo achibale apafupi sadutsa mothamanga. Mphindi 40 n'zoyenera, kuyambira 11:50. Thupi lifike pamudzi 11:30 kuti pakhale mpata wolilandira, kutanthauza kuti magalimoto anyamuke ku Lilongwe 9:30. Kunyumba ya m'tauni, pemphero, kuona nkhope ndi kukwera magalimoto zitenga ola kuchokera 8:30. Kuchotsapo theka la ola la pamsewu ndi ola la ku mochale, "m'mawa" wa amalume uja wasanduka 7 koloko yeniyeni.

Chiwerengerochi chikanafika pa 5 koloko mbandakucha, chikanasonyeza kuti zochitika zachuluka kuposa tsiku. Pamenepo banja limasankha: kutenga thupi dzulo lake kuti likagone kumudzi, kuchepetsa olankhula, kapena kulengeza chipepeso m'magulu, a mpingo mwakuti, akuntchito mwakuti, m'malo mowerenga dzina ndi dzina.

Pepala lomaliza limakhala ndi mizati itatu: nthawi, chochitika ndi wotsogolera. Mzati wachitatuwu umaulula zolakwa zobisika, monga amalume omwewo kulembedwa kuti 8 koloko ali ku mochale komanso akulandira alendo kunyumba. Pakufunikanso munthu mmodzi kumudzi woimba foni bokosi lisananyamuke pasiwa, chifukwa adzukulu akakumana ndi thanthwe manda amachedwa, ndipo kudikira ndi nyimbo pabwalo kuli bwino kuposa kudikira kumanda.

Paukwati kawerengedwe n'komweko, kungoti misomali ilipo iwiri: nthawi imene abusa apereka yodalitsira ukwati, ndi nthawi imene eni holo amatseka. Zithunzi, ulendo ndi chakudya zimapanikizika pakati pa ziwirizo. Perekaniperekani ndiye amasefukira, choncho gulu lililonse, akuchimuna, akuchikazi, ankhoswe, anzawo akuntchito, limalembedwa pamzere wake ndi mphindi zake, ndipo woimba nyimbo amapatsidwa pepala lomwelo kuti adziwe pozimitsira.