Potuma padi ya gemu ku Joni, tchulani makina anu

"Achimwene, mundigulireko padi ya gemu." Uthenga wotere umapita ku Joni kawirikawiri, ndipo umabweretsa padi yosagwira ntchito. M'bale amene amadzuka m'mamawa kupita ku ntchito sadziwa kuti mapadi ndi osiyana. Akalowa m'shopu amasankha yatsopano kwambiri, poganiza kuti akukondweretsa mng'ono wake.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Lilongwe amene ali ndi PS4, makina omwe anatuluka mu 2013. Padi yake ndi DualShock 4. Achimwene akagula DualSense, ya PS5 ya mu 2020, ndalama zalowa m'madzi, chifukwa PS4 siilandira padi imeneyo. Ya Xbox nayo siigwira. Dziko lomwe padi yagulidwa lilibe kanthu: yogulidwa ku South Africa kapena ku Mangalande imagwira bwinobwino kuno, bola ikhale ya makina anuwo.

Ndiye uthenga uzimveka chonchi: "Achimwene, muli bwanji kumeneko? Kuno tonse tili bwino. Padi yanga yawonongeka, munthu wa mu gemu akumangoyenda yekha ndisanakhudze kamtengo. Ngati m'thumba muli bwino kumapeto kwa mwezi, mundigulireko DualShock 4 ya Sony, ya PS4, osati ya PS5. Kumbuyo kwake kuli nambala yoyamba ndi CUH-ZCT2. Ndatumiza chithunzi cha yakaleyi. Musanalipire mundijambulire bokosi, ndipo lisiti musataye. Ine ndili ndi kangachepe koti ndiwonjezerepo."

Nambalayo ndi ya mtundu wachiwiri wa padiyi, ndipo imathandiza wogulitsa kutenga chinthu choyenera. Koma siyiteteza ku zachinyengo, poti opanga mapadi abodza amakopera ndi zolemba zomwe. Chowaulula ndi mtengo. Padi "yatsopano" yotchipa theka, yogulitsidwa m'mbali mwa msewu, nthawi zambiri batire yake sichedwa kutha. Achimwene alowe m'shopu yodziwika. Yogwiritsidwa kale ntchito ayiyese kaye pa makina, apo ayi angakutumizireni matenda omwewo a kamtengo.

Katumizidwe kakenso mukambirane. M'kati mwa padi muli batire ya lifiyamu, ndipo otumiza katundu ena ali ndi malamulo okhwima pa mabatire otere, choncho afunse asanamange phukusi. Ambiri amapatsira munthu wobwera pa basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Padiyo ikhale m'bokosi lake, m'chikwama cha m'manja, isapanikizike pansi pa katundu wolemera. Lisiti lija n'lothandiza pa chipata a MRA akafuna kudziwa mtengo wake.

Ikafika, ilumikizeni ku PS4 ndi chingwe cha micro-USB, mudine batani la PS. Chingwechi m'bokosi nthawi zambiri sichikhalamo. Padi ikangotchaja koma osalumikizika, yesani chingwe china musanawadandaulire achimwene, chifukwa zingwe zina zotchipa zimangodutsitsa magetsi basi.