Kugawa deta pa maseva ambiri: zomwe Discord inakumana nazo

Pofika mu Novembala 2015, Discord, pulogalamu yomwe anthu amachezerapo m'magulu, inali itasunga mauthenga okwana 100 miliyoni, ndipo detabesi yake ya MongoDB inayamba kulemedwa. Zikafika pamenepa, kugula seva yaikulu kumangothandiza kwa kanthawi. Njira yokhalitsa ndi kugawa detayo pa maseva angapo.

Deta imasungidwa m'matebulo, ndipo uthenga uliwonse ndi mzere umodzi. Kugawa mopingasa ndi kudula tebulo motsata mizere, monga momwe kaundula wa pasukulu akadzadza amamugawira m'mabuku angapo: buku lililonse lili ndi mitu yofanana, koma mayina a ana ndi osiyana. Zigawozi zikaikidwa pa maseva osiyanasiyana, chilichonse chimatchedwa shadi. Chomwe chimalamula kumene mzere upite ndi kiyi, ndipo pa kiyiyo ndi pomwe pagona nkhani.

Tiyerekeze kuti tili ndi maseva 4, oyambira pa 0 mpaka 3. Titha kutenga nambala ya kiyi n'kuigawa ndi 4, ndipo chotsalacho ndiye seva. Nambala 1027 imatsala 3, choncho mzere wake upita ku seva 3. Funso n'lakuti, kodi titenge nambala yanji?

Tikagawa motsata nthawi, kuti mwezi uliwonse ukhale ndi seva yake, mauthenga onse atsopano aziunjikana pa seva imodzi pomwe zinazo zangokhala. Tikatenga nambala ya uthenga, katundu agawika bwino kwambiri, koma munthu akatsegula tchanelo kuti awerenge mauthenga 50 omaliza, pafunika kufunsa maseva onse, ndipo yankho lidikira seva yochedwa kuposa zonse. Kiyi yabwino imagawa katundu, komanso imaika pamodzi zinthu zomwe zimawerengedwa limodzi.

Discord itasamukira ku detabesi ya Cassandra, inasankha nambala ya tchanelo, poti anthu amawerenga mauthenga tchanelo ndi tchanelo. Koma tchanelo cha anthu ochuluka chimangokulirakulira, ndipo chigawo chikakula kwambiri Cassandra imavutika nacho. Akatswiri ake anafuna kuti chigawo chisapitirire mamegabaiti 100, ndiye anawonjezera nthawi pa kiyi ija:

```
PRIMARY KEY ((channel_id, bucket), message_id)
```

Apa `bucket` ndi nambala yoimira masiku 10. Mauthenga a tchanelo chimodzi a m'masiku 10 amakhala pamodzi, ndipo masikuwo akatha chigawo chatsopano chimayamba, chomwe chingagwere pa maseva ena. Mtengo wake ndi wakuti pa tchanelo cha zii, pulogalamu imabwerera m'mbuyo zigawo zingapo kuti ipeze mauthenga okwanira.

Izi zinathetsa vuto la kukula, koma osati la kutchuka. Gulu la anzawo asanu ndi gulu la anthu zikwi mazana onse ali ndi chigawo chimodzi cha masiku 10 omwe tili. Wina akalengeza kanthu m'gulu lalikululo, khwimbi la anthu limatsegula tchanelocho nthawi imodzi, ndipo onse akufuna mizere yomweyo. Deta ija inkasungidwa pa maseva atatu pofuna kuti isatayike, choncho katundu yense amagwera atatuwo. Akayamba kuchedwa, matchanelo ena osalakwa omwe ali pa maseva omwewo nawonso amachedwa. Akatswiri amati chigawocho chatentha.

Vutoli limabisala ukamangoyang'ana avereji. Maseva onse ukawaphatikiza amaoneka ngati akupuma bwino, pomwe ochepa ali pa moto. Kuti ulione, uyeze seva iliyonse payokha, uone nthawi yomwe limatenga pempho limodzi lochedwetsetsa pa mapempho 100 aliwonse, ndiponso uwerenge kuti ndi makiyi ati omwe akufunsidwa kwambiri. Kugula maseva owonjezera sikuthandiza, chifukwa kiyi imodzi imapitabe komwe inkapita. Kumayambiriro kwa 2022 Discord inali ndi maseva 177 a Cassandra, koma zigawo zinkatenthabe.

Chomwe anachita ndi kuika pulogalamu ina pakati pa anthu ndi detabesi. Mapempho onse a tchanelo chimodzi amadutsa pa khomo limodzi, ndipo anthu ambiri akafunsa mzere womwewo pa nthawi imodzi, detabesi imafunsidwa kamodzi kokha, yankho n'kugawidwa kwa onse. Anasamukiranso ku ScyllaDB, komwe maseva 72 anakwanira.

Kusintha kiyi deta itachuluka kale kumafuna kusamutsa pafupifupi mzere uliwonse uku anthu akugwiritsabe ntchito pulogalamuyo. N'chifukwa chake musanasankhe kiyi muyenera kudziwa funso lomwe detabesi izifunsidwa kawirikawiri, komanso kukula komwe kasitomala wanu wamkulu kuposa onse angadzafike.