Msomali sunathyoke, koma chithunzi chinagwa

Chithunzi chathu chaukwati chinagwa pakati pa usiku, galasi n'kumwazika pabalaza ponse. Kutacha ndinapeza msomali uli bwinobwino pansi, utazuka ndi chibenthu cha pulasitala. Sunafike n'komwe m'njerwa.

Chimene chimalemetsa felemu ndi galasi. Galasi lokhuthala mamilimita 3 limalemera makilogalamu 7.5 pa sikweya mita imodzi, ndiye felemu yathu, ya masentimita 60 msinkhu ndi 80 mulifupi, inali ndi makilogalamu 3.6 a galasi lokha, matabwa osawerengera. Kuti mudziwe kulemera kwa yanu, kwerani pasikelo mutainyamula, mukwerenso chimanjamanja, muone kusiyana kwake.

Kafelemu kosapitirira makilogalamu awiri kamakhala pa msomali wa konkire, wokhomedwa mopendeka, mutu utaloza m'mwamba. Msomali wamba umangopindika pakhoma la simenti. Ikalemera kuposa apo, boolani khoma ndi dirilo ya mamilimita 6 mpaka fumbi lofiira la njerwa litayamba kutuluka, mulowetse pulagi yapulasitiki, kenako sikuluwu. Felemu yotambalala ngati yathuyi ndimaikoleka pa masikuluwu awiri, ndipo siipendekeka wina akamenyetsa chitseko. Musaboole molunjika pamwamba pa swichi kapena soketi, chifukwa mawaya amagetsi kawirikawiri amadutsa mmenemo.

Ambiri timakoleka zithunzi pafupi ndi denga, mlendo n'kumachita kukweza khosi ngati akusuzumira mango mumtengo. Pakati pa chithunzi payenera kukhala masentimita pafupifupi 145 kuchokera pansi, molingana ndi maso a munthu woimirira. Komatu msomali sukhala pamenepo. Pa felemu yathu ija, onjezani theka la msinkhu wake, 30, zikhale 175. Kokani waya wakumbuyo ndi chala mpaka utakungika, muyeze mpata wotsala kukafika pamwamba pa felemu. Ukakhala masentimita 8, chotsani 8, muike chizindikiro pa 167.

Zithunzi zikakhala zambiri, zitengeni ngati chithunzi chimodzi chachikulu, pakati pa gulu lonse pakhale pa 145 pomwepo. Mpata wa masentimita 5 mpaka 8 pakati pa mafelemu ndi wokwana. Ukaposa apo, chilichonse chimaoneka ngati chili pachokha. Ine ndimadula nyuzipepala molingana ndi felemu iliyonse, n'kumata pakhoma ndi tepi, n'kumasunthasuntha ndisanagwire hamala.

Amene mumakonda kusintha zithunzi, kapena mukukhala m'nyumba ya lendi, pemphani chilolezo chomangirira kathabwa kamodzi kopingasa m'munsi mwa denga, monga kamene kamapezeka m'nyumba zina zakale. Ngowe zimakola pamwamba pa kathabwako, zithunzi n'kulendewera pa zingwe, khoma osaboolanso. Mphamvu yake ili m'masikuluwu okagwira kukhoma, choncho felemu yolemera ipatseni ngowe ziwiri, iliyonse pafupi ndi sikuluwu.